Chaka cha Adara Awiri

Ine sukulu ndinalekera sitandade 6, koma kuwerengera ndimatha. Mkazi womenyedwa amawerengera chilichonse. Ndinkadziwa kuti kuchokera pakhomo la pansi kufika pakhomo pathu pali masitepe makumi anayi ndi awiri, ndipo ndinkadziwa ndi mapondedwe ake ngati bambo a mwana akubwera ndi mtendere kapena ndi nkhonya. Chaka chimenecho ndinawerengera masiku bwinobwino, sindinadumphe ngakhale limodzi, koma ndinalakwitsa ndi mwezi wathunthu.

Tinkakhala ku Maryhill, mumzinda wa Glasgow, fulati ya pamwamba penipeni, windo la kukhitchini loyang'ana ku ngalande yaikulu ya madzi. Mwamuna wanga ankayendetsa vani yoperekera katundu m'masitolo, Lamulungu n'kuvala suti kukalandira anthu pakhomo la tchalitchi. Anthu ankamukonda. Kunyumba ankamenya mosapsa mtima, ngati munthu amene akugwira ntchito yake. Ankayamba watseka windo, n'kuvula wotchi. Kumaso sankakhudzako. Ankasankha nthiti, ntchafu, msana, malo amene diresi imabisa. Viza yanga inali pa dzina lake, mapasipoti athu, yanga ndi ya mwana, ankakhala mu vani, ndipo ankandiuza kuti ndikangoitana apolisi, ine andikweza ndege, mwana n'kuperekedwa kwa azungu. Ndinkakhulupirira. Mwana wathu wamkazi anali ndi zaka ziwiri ndi theka, ndipo anali ataphunzira kale kulowa pansi pa tebulo akamva windo likutsekedwa. Cha kumayambiriro kwa chaka bambo ake anamukoka pansi pa tebulopo ndi mwendo umodzi chifukwa ankalira, n'kumuponya pa sofa. Sanavulale. Koma ine ndinaona mmene mutu wake unadutsira pafupi ndi ngodya ya kabati, ndipo kuyambira tsiku limenelo maganizo anga anali amodzi basi, kumutulutsa mwanayo m'nyumba imeneyo.

Ntchito ndinkagwira ku Giffnock, basi ziwiri kuchokera kwathu, kwa mayi wina wachiyuda wa zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu. Ndinkawatchula adona. Anali wamasiye, maso atachita khungu pafupifupi, pakamwa pakuthwa ngati lumo. Pa utsikana wawo ankasoka ndi kugulitsa makatani, ndipo ankatha kugwira nsalu ndi zala n'kukuuza kuti wasita mwaulesi. Ankandilola kubwera ndi mwana. M'nyumba mwawo munali malamulo ambiri, mbale za nyama pazokha, za mkaka pazokha, ndipo m'denga munali bokosi la mbale zina zimene zinkatsika kamodzi pachaka, pa chikondwerero chawo chachikulu chotchedwa Pesaki. Chikayandikira, nyumba yonse imayenera kutsukidwa kuti musatsale ngakhale kanyenyeswa ka buledi. Chaka cham'mbuyo ndinagona kumeneko masiku asanu, ine ndi mwana, tikukolopa ndi kukutumula matumba a majasi. Kenako mwana wawo wamkazi anabwera pa galimoto kuchokera ku Manchester, n'kuwatenga pamodzi ndi bokosi la mbale lija kuti akadyere chikondwerero kumeneko.

Tsiku lina mu Januwale ndikuwadzutsa pampando anandigwira m'nthiti, ine n'kukoka mpweya. Sanandisiye. Anakanikizanso pomwepo ndi chala.

"Ndani?"

"Ndinagwa pa masitepe, adona."

"Ine ndine wakhungu, si chitsiru. Galimoto ya mwana wanga ili ndi mipando isanu, timakweramo awiri. Ali ndi anzake kumeneko amene amasunga akazi ogwa pa masitepe. Pa Pesaki ukwera, iwe ndi kamwana kako. Tsopano ndipatse tiyi, wazizira kale."

Anangoti pa Pesaki. Tsiku sanatchule, ine sindinafunse, chifukwa ndinkaona ngati ndikulidziwa. Pa foni sindikanayang'ana, bambo a mwana ankaifufuza madzulo alionse. Ndinawerengera m'mutu.

Miyezi yawo ndinaiphunzira ndi khutu. Iwo amatsata mwezi wakumwamba. Ukangobadwa watsopano adona ankapemphera pemphero lowonjezera n'kutchula dzina lake, ndiye ndinkadziwa kuti pambuyo pa Sebati pamabwera Adara, pambuyo pa Adara pamabwera Nisani, ndipo Pesaki imakhala pakati pa Nisani, mwezi uli wathunthu. Adara wa chaka chimenecho anayamba Febuluwale asanafike pakati, ndinamva ndi makutu anga akumutchula. Ndiye Nisani ayamba mu Malichi, mwezi udzaza cha kumapeto kwa Malichi. Iyo inali mboni yoyamba. Yachiwiri, adona anandiuzapo kuti zikondwerero zawo zimabwerera m'mbuyo masiku khumi ndi limodzi chaka ndi chaka. Chaka cham'mbuyo Pesaki inali kumayambiriro kwa Epulo, ukachotsapo masiku amenewo ukufika pomwepo, kumapeto kwa Malichi. Yachitatu, chaka cham'mbuyo Pesaki yawo ndi Pasaka yathu zinagwa sabata imodzi, ndipo pa bolodi la ku tchalitchi panalembedwa kuti Pasaka ya chaka chino ili tsiku lomaliza la Malichi. Mboni zitatu kunena chimodzi, inu mukanakayika?

Chinthu chimodzi chikanandidzutsa. Pakati pa Adara amakhala ndi chikondwerero china chaching'ono, Purimu, chimene amaphika timakeke ta ngodya zitatu n'kumagawira anzawo. Mwezi unadzaza mu Febuluwale, timakeke sitinaphikidwe. Koma sabata imeneyo adona anali m'chipatala ndi chifuwa, ndiye ndinangoti matenda ndiwo alepheretsa.

Ndinawauza bambo a mwana kuti sabata ya Lamulungu la kanjedza ndikagona kwa adona monga chaka chatha. Anavomera. Ndinayamba kusamutsa zovala chimodzichimodzi pansi pa ngolo ya mwana, lero sokosi, mawa kadiresi, mkuja khadi ya kusikelo, n'kumabisa m'kabati ya matawulo kwa adona. Akandimenya ndinkaluma milomo n'kumawerengera, atsala makumi atatu, atsala makumi awiri ndi awiri. Munthu umapirira ukadziwa pothera.

Lolemba lina, Malichi asanafike pakati, mwezi watsopano unabadwa. Pa basi ndinakhala ndi mayi wina wachisilamu amene ankati iwo ayamba kusala. Ndinafika kwa adona, ndinakhazika mwana pa kapeti, ndinatenga makwerero, n'kukwera m'denga kukatsitsa bokosi la mbale. Ndinalitula pa tebulo la kukhitchini, mbale n'kulira.

"Ndi chiyani chimenecho?" anafunsa adona ali pampando wawo.

"Mbale za Pesaki. Nisani wayamba lero, eti?"

"Bwezera. Lero ndi tsiku loyamba la Adara."

"Adara watha dzulo, adona. Ndawerenga, masiku makumi atatu."

"Watha woyamba. Uyu ndi wachiwiri. Chaka chino alipo awiri. Pesaki ili kumapeto kwa Epulo, mtsikana iwe, kwatsala masabata asanu ndi limodzi. Ukufuna fumbi lilowe m'mbale za amayi anga?"

Ndinakhala pansi, pansi penipeni pa matailosi, pafupi ndi chitini cha zinyalala. Iwo sanaone, anapitiriza kulankhula, chifukwa nkhani imeneyi ankaikonda. Anati miyezi khumi ndi iwiri ya kumwamba imakwana masiku 354, pamene chaka cha dzuwa chili ndi 365, ndiye chaka chawo chimaperewera masiku khumi ndi limodzi. Anati zili ngati katani imene imafupika nthawi iliyonse ukaichapa. Chaka choyamba suona kanthu, chachiwiri windo layamba kuonekera pansi, chachitatu uyenera kulumikiza nsalu. Nsalu yolumikizayo ndi mwezi wathunthu wa masiku makumi atatu, amauika kutsogolo kwa Adara weniweni n'kuutcha Adara woyamba. Pa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zilizonse amalumikiza kasanu ndi kawiri, ndipo anawerenga akugogoda tebulo ndi sipuni: chachitatu, cha sikisi, cha eyiti, cha leveni, cha fotini, cha seventini, cha naintini.

"Chino ndi cha eyiti. Tikapanda kutero Pesaki ingabwerere m'mbuyo mpaka kulowa m'chisanu, kenako kuzungulira chaka chonse ngati kusala kwa anzathu achisilamu, iwo salumikiza. Koma ife tinalamulidwa kuti Pesaki ikhale pamene chisanu chatha, mitengo ikuphukira. Kale akuluakulu ankapita kumunda kukaona balere, akapeza sanakhwime, ana a nkhosa akadali anthete, n'kulengeza kuti dikirani mwezi wina. Masiku ano ndi masamu basi."

"Koma Pasaka yathu ili kumapeto kwa mwezi uno."

"A tchalitchi chanu ali ndi kawerengedwe kawo. Zaka zambiri timakumana, chaka chino ayi. Bwanji mawu ako akuchokera pansi? Wakhala pansi?"

Pamenepo ndinalira. Ndinawauza za mboni zanga zitatu, za zovala zili m'kabati ya matawulo, za tsiku limene ndinawauza kale bambo a mwana. Ndinawauzanso chimene sindinauzepo munthu, cha mwendo wa mwana ndi ngodya ya kabati. Adona anamenya tebulo ndi sipuni ija mpaka mbale za m'bokosi zinalira.

"Pakamwa uli napo pa ntchito yanji? Ukanafunsa. Inenso chitsiru chokalamba, ndikanatchula tsiku. Ndipatse foni."

Analankhula ndi mwana wawo nthawi yaitali, mwina kukalipa, mwina kunong'ona. Atamaliza anati malo okatisunga ine ndi mwana anakonzedwa a mu Epulo, koma ayesa kuwafulumizitsa. Anati Purimu sinadutse ayi, chaka cha Adara awiri imakhala mwa wachiwiri kuti iyandikane ndi Pesaki, ndipo igwa tsiku la fotini, Lamulungu. Mwana wawo ayesetsa kubwera tsiku limenelo.

"Ayesetsa, sindikulonjeza. Lero ndi tsiku loyamba. Werenga, popeza umatha kuwerenga."

Ndinaganiza zosawauza bambo a mwana kuti tsiku lasintha. Sindinadziwe kuti vani ija imafikanso ku Giffnock.

Lachitatu sindinkapita kuntchito. Cha m'ma thwelofu masana ndinamva masitepe, awiriawiri, nthawi imene iye samabwera. Analowa, anatseka windo, anavula wotchi n'kuiika pa furiji. Mwana analowa pansi pa tebulo.

"Ndinali ku sitolo ya Ayuda ija kukatula makatoni," anatero mofatsa. "Ndinati ndiwafunire zabwino, ndinati mukhala otanganidwa ndi Pesaki sabata ziwiri zikubwerazi. Akundiseka. Akuti kwatsala mwezi ndi theka. Ndiye tandiuza, mayi. Sabata ija umati ukagona kuti?"

"Ndinalakwitsa kuwerenga, bambo. Chaka chino mwezi wawo wabwera kawiri."

"Wabwera kawiri."

"Adara. Alipo awiri. Amalumikiza kuti chikondwerero chisalowe m'chisanu, chifukwa chaka chawo chimaperewera masiku khumi ndi limodzi, ndiye pa zaka naintini..."

Anaseka. Kunena zoona anaseka ndi mtima wonse, mpaka kugwira pa sinki.

"Tamvani pulofesa wa sitandade 6. Febuluwale awiri. Mawa undiuza kuti Lachitatu alipo awiri. Bodza limeneli wakuphunzitsa ndani, ndi wa ku tchalitchi kapena ndi mzungu?"

Moyo wanga wonse ndi iye ndinkanama tinthu ting'onoting'ono kuti ndipulumuke, ndipo ankakhulupirira. Tsiku limene ndinanena zoona zokhazokha ndi limene anandimenya koposa. Anazula chingwe cha ketulo. Anayamba ndi msana monga mwa masiku onse, akufunsa, mwezi uti, woyamba kapena wachiwiri, uwu ndi woyamba, uwu ndi wachiwiri. Nditagwa anandiponda pa dzanja. Kenako anaiwala lamulo lake la kumaso. Anandigwira tsitsi n'kundigunditsa pakamwa pa mphepete mwa sinki, ndinamva kulira ngati mbale yasweka m'mutu, ndipo dzino lakutsogolo linagwera m'sinkimo n'kuzungulira. Magazi anadontha pa matailosi mpaka pafupi ndi tebulo. Ndinaona timapazi ta mwana tikubwerera m'mbuyo kuthawa magaziwo. Sanalire. Chimenecho chimandipweteka mpaka lero kuposa dzino, mwana wa zaka ziwiri kudziwa kuti apa sipolirira.

Atatopa anakhala pampando, anatulutsa foni, anafufuza, n'kundionetsa pamaso pomwe.

"Ona. Kumapeto kwa Epulo. Sabata imeneyo nditenga tchuthi, ndikhala pakhomo pano usana wonse. Kwa nkhalamba yako ija wasiya kuyambira lero."

Anatenga foni yanga ndi makiyi anga. Chitseko chathu chinali ndi loko wa pansi amene ukakiya kunja, wa m'kati sangatsegule. M'mawa uliwonse ndinkamva kiyi akutembenuka kawiri, kenako masitepe makumi anayi ndi awiri akutsika.

Masiku khumi ndi limodzi ndinakhala m'menemo. Ndikanatha kutsegula windo n'kukuwa, anthu ankadutsa m'mbali mwa ngalande ndi agalu awo. Ndinafika pogwira chotsegulira kangapo. Koma ndinkaona apolisi akunyamula mwana, ine ndili pa ndege, dzanja n'kubwerera lokha. Ndinatenga kapu ndi nyemba zouma. Lolemba lija linali tsiku loyamba, ndiye ndinaikamo zitatu, kenako imodzi m'mawa uliwonse. Koma kuwerenga kwanga ndinali nditasiya kukukhulupirira. Mwina palinso china chimene sanandiuze, mwina tsiku lina limabwera kawiri. Ndiye ndinkafuna mwezi weniweniwo undichitire umboni, koma ku Glasgow mwezi ndi mlendo. Mitambo, mvula, mitambo. Ndinauona katatu kokha. Koyamba unali ngati chikhadabo pamwamba pa madenga dzuwa litangolowa. Kachiwiri unali utapitirira theka. Kachitatu, Loweruka madzulo ndikutsuka mbale, unatulukira pa mpata wa mitambo utatsala pang'ono kudzaza, ndipo m'kapu munali nyemba khumi ndi zitatu. Zinagwirizana. Koma adona anati sakulonjeza, ndipo nambala ya nyumba yathu sindinkakumbuka ngati ndinawapatsapo.

Masiku amenewo anandimenyanso kawiri, kamodzi chifukwa cha mchere, kamodzi popanda chifukwa. Koma anali womasuka. Ankaimba nyimbo za kwaya posamba. M'mutu mwake ngozi inali mu Epulo, ndipo Epulo anali ataitchingira kale.

Lamulungu m'mawa ndinaponya nyemba ya fotini. Iye anati amayi a ku tchalitchi akufunsafunsa, ndiye lero tipita tonse, kutupa kwachepa, wofunsa za dzino ndimuuze kuti ndinaterereka m'bafa. Ndinavala duku kulitsitsa mpaka pa nsidze. Mtima unandiuza kuti adona akabwera ife titachoka, agogoda pa nyumba yopanda munthu, n'kubwerera ku Manchester. Ndinachedwetsa dala. Ndinasowetsa nsapato imodzi ya mwana, ndinamusinthanso thewera louma. Anandiyang'ana kamodzi, n'kugwira wotchi yake, ine n'kuipeza nsapatoyo msanga.

Tinatuluka cha m'ma hafu teni. Iye patsogolo, suti yakuda, baji ya olandira alendo pachifuwa, m'manja thumba la timitanda ta kanjedza toti akagawe pakhomo la tchalitchi. Ine pambuyo, mwana m'manja. Titatsika masitepe khumi ndi anayi, pa malo okhotera, tinakumana nawo.

Adona anali atatsamira khoma akupumira m'mwamba, ndodo m'dzanja, kumutu atavala chisoti chachifumu cha pepala lonyezimira, chopendekeka, chifukwa pa Purimu ngakhale nkhalamba zimavala zoseketsa. Pambali pawo panali mwana wawo wamkazi, mayi wamtali wa imvi, atanyamula mbale yokutidwa ndi nsalu.

Bambo a mwana anamwetulira kumwetulira kwa pakhomo la tchalitchi.

"Mayi, mwavutikiranji kukwera masitepe onsewa? Akazi anga akhala akudwala, ndikanakuimbirani."

"Ndinu amuna ake? Mawu anu ndi abwino. Patukani, ndabwera kwa iye. Lero ndi Purimu, lamulo lathu likuti upereke zakudya za mitundu iwiri kwa mnzako. Uli kuti, mtsikana iwe? Sendera kuno."

Ndinatsika masitepe awiri. Sanandipatse mbale. Anatambasula dzanja, anandipapasa pa tsaya, pa mphuno, pa milomo, chala chawo n'kupeza pamene panali dzino. Anachisiya pomwepo kanthawi.

"Galimoto ili pakhomo. Tsika naye mwana."

"Palibe kumene akupita," anatero bambo a mwana, kumwetulira kukadalipo. "Chikondwerero chanu chili mu Epulo, mayi. Ndinaona pa foni."

"Munaona bwino. Icho ndi cha mu Nisani. Ichi ndi cha mu Adara."

"Adara anatha."

"Woyamba."

Ndinaona nkhope yake ikusintha. Pamenepo m'pamene anadziwa kuti pa chingwe cha ketulo paja ndinkanena zoona, ndipo zinamukwiyitsa koposa bodza. Anataya thumba, timitanda n'kumwazika pa masitepe. Sanagwire ine, anagwira mkono wa mwana n'kukoka. Mwana anakuwa. Ndinamva kamkonoko kakutambasuka pakati pa ife awiri, ndipo ndinadziwa kuti ndikalimbikira kathyoka, ndikasiya ndamutaya. Ndinaweramuka n'kumuluma pa dzanja, ndi mano otsalawo, mpaka ndinamva mchere. Anasiya mwana n'kundigwira pakhosi. Anandigunditsa mutu ku khoma la matailosi obiriwira aja, kamodzi, kawiri, duku n'kugwa, m'maso n'kuchita mdima. Mwana wa adona anaponya mbale pansi n'kulanda mwana m'manja mwanga asanagwe. Adona anakweza ndodo n'kumenya kumene kunkachokera phokoso, inamupeza pa khutu. Anatembenuka n'kuwakankha pachifuwa ndi dzanja limodzi.

Munthu wa zaka zimenezo sagwa ngati ife. Anagwa ngati mtolo wa bango, masitepe atatu, dzanja lamanja pansi, ndipo tonse tinamva fupa. Chisoti chija chinagubuduka mpaka pansi.

Iye anaima akupumira m'mwamba, dzanja likadali pakhosi panga, akuyang'ana zitseko za anansi, zonse zotseka. M'nyumba zimenezo anthu anazolowera kumva ndi kukweza wailesi.

Adona sanalire. Ndi dzanja lamanzere anapisa m'thumba la jasi n'kutulutsa kachipangizo ka thabwa kokhala ndi chogwirira. M'mawa umenewo anali nako ku sunagoge, kumene amawerenga nkhani yawo yakale, ndipo dzina la munthu woipa wa m'nkhaniyo likatchulidwa aliyense amazunguza kachipangizo kotere kuti dzinalo lisamveke. Anakakweza ali chigonere pa masitepe n'kuyamba kuzunguza. Inu, phokoso lake. M'masitepe a miyala, makoma a matailosi, linamveka ngati njinga zamoto khumi, ngati nyumba ikung'ambika, ndipo sanasiye, ankazunguzabe nkhope itayera ngati pepala. Galu anayamba kuuwa pansi. Chitseko chimodzi chinatseguka, kenako china. Panatuluka mayi wonenepa wa pansi pathu atavala gauni yogonera, bambo wokalamba wa moyang'anana naye sipuni ili m'manja, atsikana awiri a ku yunivesite mmodzi atakweza foni akujambula.

"Chotsa dzanja lako pakhosi pa mkaziyo, m'bale," anatero mayi wa gauni uja, osakweza mawu. "Apolisi ndaitana kale. Zaka ziwiri ndakhala ndikukumva pamwamba panga, lero ndakuona."

Dzanja linamasuka. Anayang'ana foni ija, anayang'ana baji yake, n'kuyamba kukonza tayi. Anayambanso kutola timitanda ta kanjedza pa masitepe, kamodzikamodzi, ndipo apolisi atafika anamupeza ali nato m'manja.

Ine nditaona yunifolomu ndinalanda mwana n'kumupanikiza pachifuwa, ndikuti apolisiwa abwera kudzamutenga. Wapolisi wamkazi anagwada, anayang'ana kamkono ka mwana, anandifunsa ngati ndingathe kuyenda. Palibe amene anamutenga. Mapasipoti anawatulutsa mu vani tsiku lomwelo.

Sitinapite ku Manchester tsiku limenelo, tinapita kuchipatala. Ine anandisoka kumutu, mwana anamuunika mkono n'kupeza uli bwino, adona anawaika pulasitala kuyambira ku zala mpaka pa chigongono. Tili pa benchi kudikira, mwana akudya kakeke ka ngodya zitatu kamene mwana wa adona anatola pa masitepe n'kukapukuta, ndinayamba kupepesa za dzanja lawo.

"Khala chete. Mbale yanga ija yasweka?"

"Yasweka, adona."

"Inali ya mkaka, yosafunika. Ukanatsitsa za amayi anga n'kuswa imodzi, bwenzi tikukamba zina."

Tinanyamuka patapita masiku awiri, zovala zija za m'kabati ya matawulo zili m'thumba la pulasitiki, bokosi la mbale lili kumbuyo, chifukwa ndi dzanja lothyoka adona sakanakhalanso okha. Ine ndi mwana anatisiya pa nyumba ina imene sindingatchule malo ake. Za viza zinatenga nthawi, za kukhoti zinatenga nthawi yoposa, ndipo kwa miyezi yambiri ndinkawerengabe masitepe a munthu aliyense wokwera.

Mwezi utadzazanso, kumapeto kwa Epulo, anatiitana kwa mwana wa adona kukadya nawo Pesaki. Mitengo ya mu msewu wawo inali itachita maluwa. Mbale zija zinali pa tebulo, zonse zamphumphu. Adona sankatha kugwira mpeni, ndiye ndinakhala pambali pawo kumawadulira nyama, iwo akudandaula kuti ndikudula zazikulu. Buledi wawo wa masiku amenewo ndi wouma, wopanda chofufumitsa, ndipo ndi dzino losowa ndinkalumira cha m'mbali. Munthu wina atadzuka kukatseka windo chifukwa cha mphepo, mwana wanga anatsika pampando n'kulowa pansi pa tebulo. Anthu onse anasiya kulankhula. Adona anafunsa kuti chachitika n'chiyani, ndinawanong'oneza.

"Tsegulani windolo," anatero. "Azizidwa avale jasi."

Analitsegula. Patapita kanthawi ndinamva kadzanja kakugwira bondo langa, n'kukwera.